Chimanga Choola pa Kacholola

"Anaunjika matumba awa ndani?" anafunsa bwana wa Chipani wochokela ku Petauke, atatseka mphuno ndi mpango.

AMumba, manijala wa depoti, analoza kapitao wawo. "Ndi aDaka, bwana."

Alimi amene anali pamzele wa feteleza anatembenuka onse. ADaka anavula chipewa, nayang'ana anzawo. Keziah wa pasikelo ndiye analandila chimanga chosauma bwino, poopa kubweza abale ake a ku Ndake. Onyamula anayala mitengo yochepa pansi, madzi n'kulowa. Za tenti yong'ambika, aMumba ndiwo anati ifunditsidwe momwemo, poti lole yodzatenga chimanga ibwela mawa lake, koma panapita miyezi. Onsewo tsopano anali atazolika.

"Muli ndi mau, bambo?"

ADaka anali atatopa, msana ukuwawa ndi kusankha matumba oola kuyambila m'mawa. "Ndilibe, bwana."

"Ukapitao wanu watha lelo." Bwanayo anatembenukila dalaivala wake. "Ndimayesa vuto ndi matenti, kansi ndi munthu mmodzi chabe. Usatsitse matenti atsopano tabwela nawowo, tikapeleke ku Nyalugwe."

AMumba anatsegula pakamwa, nayang'ana mitambo yakuda, natsekanso.