Bambo Wobisa Nkhope

"Musalowe, alamu. Kasekereni panja."

Mkazi wa mchimwene wake wa Telala anatsekereza khomo la wodi imene anagonekedwamo mwamuna wake, foni ili m'manja. Telala anali atangotsika basi, fumbi lili m'tsitsi.

"Ndaseka liti ine?"

Mayiyo anatsegula gulu la banja pafoni. Pamwamba panali uthenga wake wa m'mawa: "Madokotala alephera, mwendo audula." Pansi pake achibale anandandalika tizithunzi ta manja opemphera. Kenako panali chithunzi chimene anatumiza Telala, cha bambo atabisa nkhope m'manja.

"Si akulira ameneyu? Mawu anandithera, ndiye ndinasankha chimenechi."

"Tadinani."

Anadina. Chithunzi chinayamba kuyenda. Bambo uja anachotsa manja, kukamwa yasa, n'kugwa pampando ndi phwete. Chinayambiranso chokha. Anagwanso.

M'basi muja netiweki inali yofooka. Chithunzicho chinangoima pachiyambi, iye n'kutumiza osaona mathero ake.

"Ndifufuta pompano."

"Mufufuta chiyani? Onse aona, ena achijambula kale n'kusunga. Achimwene anu akungochibwereza chitsitsimukireni. Akuti musawayandikire."

"Ndiwafotokozere bwinobwino, alamu."

"Chithunzi chafotokoza kale."

Chitseko chinatsekedwa. Telala anayang'ana foni yake. Azakhali anali atamuchotsa kale pagulu.

Anakhala pabenchi la pakhonde, ndodo zoyendera zimene anagula panjira zili pamiyendo. Anayang'ana aliyense wolowa mpaka nthawi yoona odwala inatha. Mwa onse a manja opemphera aja, sanabwere ndi mmodzi yemwe.