Phokoso la M'makaseti a Agogo

"Kodi sunamalizebe?" anafunsa mayi ake ataima pakhomo.

"Kaseti sithamangitsidwa, amayi. Ikakhala ya ola ndi theka, nanenso ndikhala pano ola ndi theka," anayankha mnyamatayo akutikita msana.

Kwa milungu isanu ankasamutsira mu kompyuta makaseti a malemu agogo ake aamuna, a masiku omwe ankafunsidwa za ulimi pa wailesi. Ankapukuta mutu wa choimbira makaseti ndi thonje la sipiriti, kulumikiza chingwe, n'kudikira. Chomutopetsa kwambiri chinali phokoso. Agogowo ankajambula okha kunyumba, chojambulira atachiyandikiza pa wailesi, choncho munkalowa kutsokomola ndi kung'ung'udza. Mawu a pa wailesi akangopuma, iye ankadulapo zonsezo.

Atafika pa kaseti yomaliza anati, "Tamvani zinyalala zomwe ndikulimbana nazo." Anakweza mawu pa kachigawo komwe ankafuna kudula.

Pa wailesi agogo anali atangonena monyadira kuti, "Ine mbewu sindinachedwepo kubzala." Kenaka chapansipansi panamveka agogo omwewo, ali m'nyumba: "Bodza ilo, mkulu iwe!" Agogo aakazi anaphulika kuseka.

Mayi ake anakhala pansi pang'onopang'ono. "Bambo anga ndi awa. A pa wailesiwo sindiwadziwa. Tandiikira enawo ndimve."

Mu kompyuta mnyamatayo anali atasunga mawu a pa wailesi okhaokha; za m'nyumba zonse anali atazifufuta. Anayang'ana katoni ya makaseti makumi atatu, natenga yoyamba ija, n'kuyamba kuibweza ndi bolopeni.