Wosenza Ndowa ya Phala

"Aliyense muno ali ndi dzina lake," anatero Mayi Kamphinda, mawu atasasa ndi fumbi la choko. "Luckness si Ngolo. Elisha si Kaudzudzu. Thupi munthu sasankha ngati malaya pa kaunjika. Mnzanu mukamamuseka amaleka kukweza mkono, kenako amaleka kubwera kusukulu. Mwamva?"

"Inde, Madamu!" anayankha ana a Sitandade 5, monga anayankhiranso teremu yatha.

Luckness anakhala pansi pafupi ndi chitseko, poti anzake apadesiki ankati amawapanikiza. Sanadzutse mutu.

Panja chitsulo chinalira, nthawi ya phala. Mayi Kamphinda anasasa manja atatopa, ndipo pakamwa panangoyankhula pokha ngati masiku onse.

"Luckness, katenge ndowa kukhitchini. Ndiwe wamphamvu iwe."

Kumbuyo mnyamata wina anaimba mluzu uja amaimbira ng'ombe zapangolo. Kalasi yonse inabisa nkhope m'makope.

Luckness anaima pakhomo. "Ndekha ngati dzulo, Madamu?"

Mayi Kamphinda anafuna kuitana dzina lina, koma mtsikanayo anali atavula kale juzi, akupota nkhata.