Kamera Itakana ku Kabwata

Norbert anadinanso batani. Silinatsike. Anakankha kamkono kokokera filimu kali pansi pa kamera, nako kanauma ngati kakhomedwa ndi msomali. Ukwati wa ku Chilenje unali utatsala ndi ola limodzi.

Anali ataima pakhonde la kasitolo ka Ba Seif ku Kabwata, dzuwa likuswa pamalata. Ba Seif anali mkulu wochokera ku Nyasaland, wokonza mawotchi ndi makamera. Ndiwo anamuphunzitsa kujambula. Chaka chatha Norbert anawachokera n'kuyamba zake, ndipo makasitomala ambiri anamutsatira. Chichokereni mnyamatayo, kachipinda kawo kamdima kotsukira zithunzi kanangokhala kotseka.

Ukwati wa lero unali woyamba kuupeza yekha. Mkwati anali kalaliki wa boma, ndipo banjalo linkajambulitsa kwa Ba Seif kuyambira kale. Akapanda kufika ndi kamera, mawa Chilenje yonse idzakhala itamva, ndipo palibe adzamuitanenso.

Kamerayo anaisiya pano mwezi watha kuti Ba Seif aitsuke, poti chitseko chake cha kuwala chinkachedwa kutseka. Analibe kwina kopita nayo. Masitolo a m'tauni munthu wakuda ankamugulitsira pazenera, ndipo kamera yakeyo sakanaigwira n'komwe. Kenako mayi ake, Ba Josephine, anadwala, n'kumwalira. Pamaliro Ba Seif anabwera ndi thumba la shuga, anakhala kumapeto kwa benchi, nachoka osalankhula. Abale atafunsa chithunzi cha malemu, Norbert anaweramitsa nkhope. Analibe. Mayiwo ankangoti, “Filimu ni ya makasitomala, mwana wanga. Ine uzanikopa tsiku lina.”

M'mawa uno anapeza Ba Mwanaima, akazi a Ba Seif, ali okha musitolo. Anangonyamula chikwama cha kamera yake. Iwo anamuitana kuti adikire mwini wake amene anali atatuluka pang'ono, anamuikiranso mpando, koma iye anali atafika kale pakhonde.

Tsopano anayesa zonse zimene ankadziwa. Anatseka chivindikiro chakutsogolo n'kuchitsegulanso mpaka diso la kamera linatuluka ndi kulira kuti ke. Anayang'ana kachitsulo kochedwetsa kujambula, kamene kakaima pakati kamamanga zonse. Kanali pamalo pake. Anatembenuza mphete ya liwiro uku ndi uku. Anaika kamera kukhutu n'kuigwedeza. Munalibe cholira. Batire inali ya nyale yothwanima yokha, ndipo kamera yeniyeniyo inkayenda ndi masipuling'i. Chinthu chotere sichingangofa chokha. Wina anachigwira.

Apo ndi pamene Ba Seif anatulukira pakona, kofia kumutu, buledi ali m'manja.

“Norbert, wabwela. Muli shani kunyumba?”

“Musanifunse za kunyumba. Mwaichita chani kamela yanga?”

“Leta nione.”

“Kuti mutsilize kuiononga? Munadziwa kuti ukwati ni lelo. Mufuna eni ukwati abwele kuno azakupempheni na maondo, si conco?”

Mkuluyo anaika buledi pawindo, natambasula dzanja. “Onako pa manambala, mwana wanga. Ili pa chani?”

Norbert sanayang'ane. Anali atadziwa kale mumtima mwake kuti m'katimo mwalowetsedwa kanthu, kaya kamtengo ka machesi kapena kawaya. Anafuna kuti akatulutse pamaso pawo, Ba Mwanaima akuona, ndi anthu odutsa mumsewu akuona. Anatembenuza kamera n'kupeza kabatani kotsegulira kumbuyo.

“Osatsegula!”

Chivindikiro chinatseguka. M'katimo munali filimu, itakulungika yonse mbali imodzi, yotuwa ngati phulusa. Koma mwezi watha Norbert anaisiya kamerayo ilibe kanthu. Anagwira filimuyo n'kuikoka. Inang'ambika cha kumapeto, n'kutuluka yaitali ngati lamba, ikupiringizika padzuwa.

“Iyi! Iyi ni chani? Mwaikamo zinyalala zanu kuti igwile!”

Anaiponya pansi pa khonde.

Ba Mwanaima anagwira pakamwa. Ba Seif anayang'ana filimuyo nthawi yaitali, milomo ikuyenda pang'ono ngati munthu wopemphera. Kenako anatenga kamera m'manja mwa mnyamatayo mofatsa, namuonetsa kawindo kakang'ono pamwamba pake. Munali nambala 1.

Anamufotokozera ndi mawu otsika. Kamera ya mtundu uwu imawerenga chobwerera. Ikafika pa 1 imadzimanga yokha, batani ndi kamkono zonse, kuti munthu asakoke filimu yotha n'kuidula. Norbert ankaika manambala pamwamba penipeni, pa 36, koma ankagula mafilimu aafupi okhaokha, ndiye anali asanafikepo pa 1. Akanangopotokola chozungulitsira filimu, akanamva kuti mukulemera, n'kuibwezera m'kachitini kake bwinobwino.

Mkuluyo anadina kabatani kakang'ono ka pambali pa manambala, nakankha kena kakumbuyo kangapo. Manambala anayenda. Anakoka kamkono, kanayenda mofewa. Anadina batani. Chitseko cha kuwala chinaphethira msanga, bwino kuposa kale.

“Ili bwino. Ika filimu yako mumthunzi. Ukathamanga uzawapeza akalibe kulowa muchalichi.”

Norbert anailandira, makutu akutentha. Ntchito yake inali itapulumuka. M'malo mopepesa, anangoloza pansi ndi phazi.

“Nanga iyo munaikilamo chani?”

Ba Seif anawerama, natola filimuyo, naipukuta fumbi ndi malaya, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti dzuwa linali litafafaniza zonse.

“Kamela ikakonzedwa tiyesa. Nenze kupita nayo kunyumba kwanu masana, iwe utapita kukagula mankhwala kutauni. Yonse ni amai ako. Anavala duku ya ku chalichi, anati filimu iyi ukaitsuke na manja ako.”