Bokosi la Bambo wa Ruru

Nkhani iyi anandiuza Markus Palimbong, wometa tsitsi, tili pa sitima ya pamadzi yochoka ku Tawau kupita ku Nunukan. Mutu wanga anali ataumeta theka, ndiye ndinalibe kothawira.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, Pong Tandi, mkulu wotsogolera nyimbo za maliro, ankaima pabwalo la nyumba ya Indo' Ruru, kutanthauza mayi wa Ruru, pakati pa esiteti ya migwalangwa ya mafuta, n'kutsokomola kawiri. Amuna ankapanga bwalo, n'kukolana tizala takumapeto. M'nyumbamo munali bokosi la maliro la mwamuna wa mayiyo, lomwe linkadikira ulendo wa kwawo ku Toraja.

Badong, nyimbo ya Atoraja yolira akufa, saimba popanda maliro. Ukaimba popanda mtembo ndiye kuti ukuitana wina. Vuto la Pong Tandi linali lomweli. Atoraja a pa esiteti akayamba kukalamba amakwera sitima kukafera kwawo, choncho zaka zinkadutsa popanda woimbira. Ana obadwira pa esitetipo ankalota m'Chimalei. Chitoraja chawo chinkathera pa "idya" ndi "bwera kuno". Ndipo mawu a mkuluyo anali atayamba kusasa.

Kenaka bambo wa Ruru anagwa pansi pa mgwalangwa, osadzukanso. Anamubaya mankhwala oti asaonongeke, anakhoma bokosi, anamuimbira zotsanzikana. Tsiku la ulendo litakwana, mkazi wake anangoti, "Sanakonzeke."

Anthu anamvetsa. Chikondi.

Bola mtembo uli m'nyumba, bwalo ndi lololedwa. Pong Tandi anakoka achinyamata onse, ndi Ruru yemwe, mwana wa malemu, dalaivala wa lole wandevu zake.

"Phazi lamanja, iwe! Ukuponda buleki kapena ukulira bambo ako?" anamukalipira Ruru.

"Koma Ambe', mawuwa akutanthauza chiyani?" anafunsa Ruru, akumutchula mwaulemu kuti bambo.

"Imba kaye. Tanthauzo likupeza m'njira."

Mtsogoleri amaponya mzere umodzi. Bwalo limaulandira n'kuutafuna, liwu lililonse kuliduladula ndi he-e-e, mapazi akukhwekhwereza cham'mbali, manja akukwera ndi kutsika. Nyimboyo imayamba pomwe munthu anabadwira, imadutsa m'minda ya mpunga yomwe analima, imatchula mapiri ndi mitsinje mwa mayina ake, mpaka kumulondolera njira ya kumwera, kumudzi wa akufa. Ndipo mzere uliwonse uli ndi mnzake wonena zomwezo m'mawu ena. Ukati nyumba, mzere winawo uyankhe ndi dzina lachikale la nyumba. Ukati njati, uyankhe ndi linzake. Ndiye woimba amatola mawu awiriawiri, ena oti ngakhale pamsika wa kwawo sawamvanso. Anyamata omwe sanaonepo Toraja anayamba kukangana kuti phiri liti limabwera patsogolo pa linzake.

Ruru yekha ndiye anali gwa. Ankangotsegula pakamwa pa he-e-e.

Pa Khirisimasi mlongo wake wa Indo' Ruru ananyamuka kupita kumudzi ku Toraja.

"Apa ndiye mpata, mlamu apite nawo," anatero akuluakulu a mpingo.

Pong Tandi mtima unali m'mwamba. Bokosi likachoka, bwalo latha, ndipo mwana wa malemu atsala ndi he-e-e basi.

"Sanakonzeke," anatero mayiyo. Anangopatsa mlongo wakeyo kabati yaikulu, yomangidwa ndi zingwe, mphatso yokapereka kwa apongozi ake. Amuna anayi anatuluka nayo thukuta.

Kuchokera pamenepo chisoni chinkaoneka kuti chamusokoneza mayi. Kale ankaikira malemu khofi ndi ndudu m'mawa uliwonse, monga amachitira Atoraja. Tsopano anasiya. Tsiku lina Pong Tandi anamupeza atatsamira bokosilo akusenda adyo. Anangoyang'ana kumbali. Mumtima ankachita manyazi kuti misala ya mnzake ikumupindulira, koma Lamulungu lotsatira anatsokomolabe kawiri.

Mvula inatha, inabweranso. Lamulungu lina, nyimbo ili pamtsinje womaliza, Pong Tandi anaponya mzere, n'kutsegula pakamwa kuti aponye mnzake. Panatuluka mpweya wokha. Mapazi anayamba kusokonekera. Kusiya munthu pakati pa njira ndi chinthu choipa kwambiri.

Mzere wachiwiriwo unachokera kumanzere. Anali Ruru, maso ali pansi, ngati munthu wowerenga matayala. Anaponya wina, ndi winanso, mpaka anawafikitsa bambo ake. Bwalo litamasuka, anapita pakhonde n'kupempha madzi kwa mayi ake m'Chitoraja, chiganizo chathunthu.

Indo' Ruru anamupatsa madziwo. Kenaka anatembenukira kwa akuluakulu.

"Wakonzeka. Litulutseni."

Amuna asanu ndi mmodzi anavula nsapato n'kulowa. Anagwira bokosi, anakunga misana, anakweza. Linauluka mpaka kugunda denga.

"Awiri akwana," anatero mayiyo. "Muli mabulangete a m'kabati muja basi."

Pong Tandi anakhala pansi. "Nanga bambo wa Ruru?"

"Anapita pa Khirisimasi, ali m'kabati. Anaikidwa bwinobwino, njati zinaphedwa. Ine ndimadikira uyu." Analoza Ruru.

"Ndiye miyezi yonseyi takhala tikuimbira mabulangete?"

"Mwaimba popanda mtembo, ndiye wafa ndani?" anafunsa mayiyo, akutolera makapu.

Ine pamenepa ndimakayika, ndipo Markus ndinamuuza: sindikhulupirira kuti pa doko la Tawau kabati ingadutse osatsegulidwa. Iye anati ndisagwedeze mutu, lumo ndi lakuthwa.