Sikisi ya Mkulu wa Mpingo

"Tsiku lonse unapita kukagula juga?" anafunsa a Yesaya, mkulu wa mpingo, banja likudya madzulo.

Mwana wawo Chancy anayang'ana ludo imene anagula. Posaka mphatso ya tsiku lobadwa la mlongo wake Triza, analowa m'magolosale onse a pa Nsaru, koma ankangomuonetsa makadi. Ludo anakaipeza ku Namitete.

"Si juga, ababa. Mukaponya dayisi n'kugwa sikisi, kabatani kanu kamatuluka m'nyumba. Mnzanu akakapeza panjira amakadya, kamabwerera."

"Ndiyiyesa kaye. Ikakhala juga, ikupita pamoto."

M'mawa mwake Triza, atawadya kachitatu, anati: "Ababa, belu la kutchalitchi lalira."

"Aziyamba nyimbo," anatero a Yesaya, akuuzira dayisi m'manja. "Sikisi sinabwere."