Kaseti ya ku Limbuli

Magetsi atabwera madzulo, Yakobo anayambanso ntchito yake. Ankasamutsira pa laputopu makaseti a malemu agogo ake, omwe kale ankacheza ndi anthu pa wailesi. Kaseti sithamangitsidwa: iyenera kuyimba yonse, mawu n'kumadutsa pa waya kulowa mu laputopu. Ya ku Limbuli inali itapotana kawiri. Anaikulunga ndi bolopeni, napukuta mutu wa makina oyimbira kaseti ndi thonje la sipiriti.

"Ikaduka basi, palibenso ina," anauza mlongo wake Dainess, yemwe ankasita panja pa chitseko.

Agogo ankayamba macheza aliwonse potchula onse amene analipo. Mawu awo anatuluka m'kati mwa phokoso longa mvula, timizere tikuvina pa sikirini.

"Tili pa Limbuli, chaka cha 1986. Ndili ndi mayi Namulo, oyimba nyimbo za Chilomwe, ndi amuna awo."

Timizere tinagona, mzere n'kuwongoka. Yakobo anatukwana, akugwedeza waya. Koma sipika inapitiriza.

"Palinso mdzukulu wanga Yakobo, wakhala apoyo."

Dainess anaimika simbi. "Achimwene, inu munali musanabadwe."

"Ndikudziwa."

Timano ta pamwamba pa kasetiyo Yakobo anali atathyola yekha, kuti asafufute mawu a agogo mwangozi. Kaseti yotero sijambula. Koma batani lojambulira linatsika lokha, kagetsi kofiira n'kuyaka.

Mu sipikamo munamveka agogo akugogoda maikolofoni ndi chala, monga ankachitira.

"Sendera kuno, Yakobo. Sukumveka bwino."